Ankhoswe Ako Ali Kuti?

"Agogo, amuna anga anachoka pakhomo miyezi 8 yapitayo, akukhala ndi mkazi wina ku Luwinga. Tinakwatirana pa chinkhoswe, ana alipo awiri. Ndikufuna kukathetsa banja kwa majisitireti. Ndiyambire pati?"

Mdzukulu wanga, pepa. Koma kalata yonseyi osatchulamo ankhoswe n'kamodzi komwe? Pajatu ku khoti majisitireti akakufunsa za iwowo.

Kale banja likagwedezeka, mkazi ankalawira m'mamawa kwa nkhoswe wake. Malemu amalume anga ankayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, nkhoswe wa kuchimuna uko, wa kuchikazi uku, ndipo sankadzuka mpaka aliyense atatula zakukhosi. Zikakanika, iwo omwewo ndiwo ankanena kuti talephera. Inu a lero mumasankha nkhoswe pongoona amene ali ndi suti yabwino yojambulitsira, phwando likatha ngakhale nambala yake mulibe. Anzathu a Chitumbuka kuno amati thenga, ndipo ambiri amamusungabe bwino kutiposa.

Afunefune ankhoswewo. Ukwati wa chinkhoswe nthawi zambiri sukhala ndi setifiketi, choncho amene akachitire umboni kuti unakwatiwadi, komanso kuti anayesa kukuyanjanitsani, ndi iwowo. Ndi ukwati wotere umene majisitireti amathetsa. Ukanakhala wolembetsa kwa DC, bwenzi ndikukulozera ku khoti lalikulu, lomwe lilinso konkuno ku Mzuzu.

Lamulo la maukwati la 2015 limafuna chinthu chimodzi: khoti likhutire kuti banja lasweka moti silingabwererenso. Chigololo, nkhanza, kapena kuthawidwa kwa chaka chathunthu, ndi zina mwa zimene zimasonyeza kuswekako. Iwe miyezi yako ndi 8, ndiye usatsamire pa kuthawidwa. Nena za mkazi wa ku Luwingayo, ndi kuti sungathenso kukhala ndi mwamuna wotero. Zakumva pa msika sizithandiza. Pafunika mboni yoti inaona ndi maso kuti akukhalira limodzi.

Ukafika, funsa ofesi ya kalaliki wa milandu ya pakati pa anthu. Ukafotokoze kumene munakwatirana ndi chaka chake, mayina ndi zaka za ana, ndi chimene chakubweretsa. Ukalipira ndalama yotsegulira mlandu, risiti ulisunge. Akalemba samani yokhala ndi tsiku la mlandu, ndipo iyenera kufika m'manja mwa mwamunayo. Apa ndi pamene milandu imachedwera: ngati palibe umboni woti analandira, majisitireti amangoimitsa n'kupereka tsiku lina. Dziwa nyumba yeniyeniyo, osangoti "ku Luwinga".

Usakatuluke ndi chisudzulo chokha. Ukapemphe khoti linene amene akhale ndi ana, chithandizo chawo cha pamwezi, ndi kagawidwe ka katundu amene munapeza limodzi. Lemba zonse papepala usanapite, mpaka mbuzi zili kumudzi zija. Pokuvuta, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu tauni muno.

Ngati amakumenyanso, pamenepo usadikire ankhoswe; yamba wapita ku polisi.