Mtsinje wa Lilongwe si wa boma la Lilongwe lokha

Funso: "Abale, mwana wanga wabwera ndi mapu awiri kuchokera kusukulu, ena a maboma ndipo ena a zigwa za mitsinje, koma mizere yake siikugwirizana. Ine ndimayesa kuti mtsinje wa Lilongwe ndi wa boma la Lilongwe basi. Ndimuuze chiyani?"

Mayi, mapu onsewo ndi olondola, kungoti malire a boma anaikidwa ndi anthu pofuna kudziwa kuti mudzi wakutiwakuti uli pansi pa bwanamkubwa uti, pamene malire a chigwa cha mtsinje amatsata mtunda. Chigwa cha mtsinje ndi dera lonse limene madzi a mvula yogwa pamenepo amatsetserekera mu mtsinje umodzi, ndipo malire ake amadutsa pamwamba pa mapiri ndi zitunda pamene madzi amagawikana, ena kulowera uku ena kulowera uko.

Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri a Dzalanyama, n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kenako n'kudutsa mumzinda wa Lilongwe, momwe umalandira madzi a Lingadzi. Ukafika m'boma la Salima umathira mu Linthipe, amene amachokera ku Dedza, ndipo Linthipeyo ndi amene amakafika ku nyanja ya Malawi. Choncho mtsinje wa Lilongwe ndi nthambi chabe ya chigwa cha Linthipe, chomwe chimatenga mbali za maboma a Dedza, Lilongwe, Dowa ndi Salima.

Chimene chimasokoneza kwambiri n'chakuti oika malire ankakonda kutsata mitsinje chifukwa mtsinje aliyense amauona. Mukamapita ku Dedza pa msewu wa M1, mukawoloka mlatho wa Diamphwe ndiye kuti mwatuluka m'boma la Lilongwe, koma simunatuluke m'chigwa, popeza mvula yogwa tsidya lino ndi yogwa tsidya lina yonse imathera mu Diamphwe yemweyo, amene amakathira mu Linthipe. Malire otsata mtsinje amang'amba chigwa pakati. Mukalowera ku Mchinji zinthu zimatembenuka, chifukwa musanafike pa Namitete mumakhala mutadutsa kale mtunda wogawa madzi ngakhale kuti palibe chikwangwani chokuuzani. Mtsinje wa Namitete umathira mu Bua, ndipo Bua amakalowa m'nyanja ku Nkhotakota. Boma limodzi la Lilongwe lili m'zigwa ziwiri zosiyana.

Pali malo ena pomwe mizere iwiriyi imagwirizana. Malire a dziko lathu ndi Mozambique ku Dzalanyama amatsata pamwamba pa mapiriwo, monganso mbali yaikulu ya malire athu ndi Zambia imatsata mtunda wolekanitsa madzi opita ku Luangwa ndi opita ku nyanja ya Malawi. Mwanayo angathe kudzionera yekha pamapu. Atsate mtsinje uliwonse chokwera mpaka pamene timitsinje tonse tathera, aike kadontho pamenepo, kenako alumikize madonthowo, ndipo mzere umene utuluke ndiwo malire a chigwa. Mzere umenewu sudula mtsinje paliponse kupatula pamathiriro, kotero ukadula penapake ndiye kuti walakwitsa.

Madzi a Linthipe ndi Bua akalowa m'nyanja ya Malawi amasakanikirana ndi a Ruhuhu ochokera ku Tanzania ndi a Songwe wa m'malire a kumpoto, n'kutulukira mu Shire ku Mangochi. Amadutsa pa Liwonde, n'kupukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kenako n'kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Chigwa cha Zambezi chimakhudza maiko 8, omwe ndi Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo n'chifukwa chake mu 2004 panasainidwa pangano lokhazikitsa bungwe la ZAMCOM, lothandiza maikowa kugwirizana pa kagwiritsidwe ntchito ka madzi a chigwachi. Komabe si Malawi yense ali mmenemo, pakuti nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi.

Vuto limabwera pamene ntchito za madzi zikukonzedwa potsata maboma okha. Mitengo ikatha ku Dzalanyama chifukwa cha makala, dothi limakokolokera m'madamu a ku Malingunde, ndipo madzi a mvula amathamanga nthawi imodzi m'malo molowa pansi, mwakuti mlimi wa m'mbali mwa Linthipe ku Salima angathe kuona madzi ofiira atasefukira m'dimba mwake kwawoko kusanagwe mvula. Khonsolo ya Salima ilibe mphamvu pa nkhalango ya m'boma lina, ndipo m'maganizo mwanga ichi ndicho chifukwa chomveka chogawira dziko kawiri. Pa ulamuliro tili ndi maboma 28, koma pa nkhani za madzi dzikoli linagawidwa m'madera 17 otsata zigwa, ndipo lamulo la madzi la 2013 linapereka udindo wopereka zilolezo zopatutsa madzi m'mitsinje ku bungwe limodzi la dziko lonse, osati kwa bwanamkubwa aliyense payekha.