Uthenga wa masiku a teremu ndi fizi: muziulemba bwanji kuti makolo alipire?

"Zikomo bambo. Ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale yoyima payokha, ya ana 120. Teremu iliyonse ndimalembera makolo za tsiku lotsegulira ndi la fizi, koma ena amabweretsa ana tsiku lolakwika, ambiri salipira mpaka titayamba kubweza ana, ndipo aphunzitsi anga amalandira malipiro mochedwa. Kodi vuto ndi kalembedwe kanga, kapena makolowo ndi ovuta basi?"

Mayi, makolo ovuta alipo ndithu, koma pa sukulu ya ana 120 sangakhale ambiri choncho. Mukaona kuti pafupifupi aliyense akuchedwa, kawirikawiri ndiye kuti tsiku lomwe mwaika silikugwirizana ndi nthawi yomwe ndalama zimalowa m'manyumba mwawo, kapena uthenga wanu wasiya mpata woti munthu aumve mwanjira ziwiri. Tiyambe ndi masiku, chifukwa mpophweka, kenako tikhalitse pa ndalama.

Masiku a teremu musamawapeke nokha. Unduna wa Zamaphunziro umatulutsa kalendala ya chaka cha sukulu, ya materemu atatu, yomwe masiku ano imayamba mu Seputembala n'kutha mu Julayi. Ngakhale sukulu yanu ndi yoyima payokha, ana anu a Sitandade 8 amalemba mayeso a MANEB limodzi ndi anzawo a m'sukulu za boma, ndipo makolo ambiri ali ndi ana ena kusukulu zina. Mukasiyana ndi kalendala ya boma, nenani poyera kuti mwasiyana, apo ayi kholo lidzatsatira zomwe lamva pa wailesi. Tsiku lililonse lilembedwe lathunthu: Lolemba, 5 Januwale 2026. Musalembe kuti "sabata yamawa" kapena "Lolemba likubwerali", chifukwa uthenga umatumizidwa kwa amalume ali ku Joni patapita masiku khumi, ndipo iwo sadziwa kuti munalemba liti. Musalembenso 5/1, ena adzawerenga kuti 1 Meyi. Musanatumize, yang'anani pa kalendala kuti dzina la tsiku likugwirizana ndi detiyo. Mukalemba "Lolemba, 6 Januwale" pomwe 6 ndi Lachiwiri, theka la makolo lidzatsatira dzina, theka lina nambala.

Onjezaninso chiganizo chimodzi chonena kuti masikuwa akhoza kusintha boma likalamula, ndipo kusinthako mudzalengeza inu nokha. Si mwambo chabe. Mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo kalendala inasokonekera kwa zaka zingapo. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe Freddy anatseketsa sukulu kuchigawo chakummwera. Zikatero, funso loyamba la makolo limakhala lakuti kodi tsiku la fizi nalonso lasuntha? Konzekeranitu yankho.

Tsopano ndalama. Sukulu zambiri zimalemba kuti fizi yonse ilipiridwe tsiku lotsegulira. Aphunzitsi aakulu amadziwa kuti sizichitika, makolo amadziwanso kuti aphunzitsi aakulu akudziwa, ndiye tsikulo limangokhala lokongoletsa uthenga. Tsiku lenileni limasanduka lija lomwe mumayamba kubweza ana pageti, ndipo makolo amaliphunzira msanga. Mwawaphunzitsa nokha kudikira.

Materemu atatuwa sali ofanana m'thumba mwa kholo. Teremu yachiwiri, ya Januwale, ndiyo yowawa: ndalama zathera pa Khirisimasi, feteleza wachiwiri akufunika kumunda, chimanga chakwera mtengo, ndipo ogwira ntchito ambiri analandira malipiro a Disembala msanga, choncho pa 5 Januwale m'thumba muli mbee. Teremu yachitatu imapepuka chifukwa anthu akukolola ndipo misika ya fodya imakhala itatsegulidwa cha mu Epulo. Ya Seputembala ili pakati, koma imabwera ndi yunifolomu, nsapato ndi makope atsopano. Uthenga umodzi womwewo sungagwire ntchito materemu onse atatu.

Tiyeni tiwerengere limodzi teremu ya Januwale. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, inu muikepo anu. Tinene kuti fizi ndi K180,000 pa mwana. Ana 120 ndiye kuti K21,600,000 pa teremu. Tinenenso kuti malipiro a aphunzitsi, alonda ndi ophika amakwana K4,500,000 pa mwezi, ndipo mu Januwale mukufunikanso K1,500,000 ya choko, mapepala, madzi ndi magetsi. Ndiye kuti pofika kumapeto kwa Januwale simukufunika mamiliyoni 21 onse aja. Mukufunika K6,000,000. Mukapempha theka la fizi, K90,000, pa sabata yoyamba, makolo a ana 67 okha akalipira mwakwanitsa kale K6,030,000. Kupeza makolo 67 okhala ndi K90,000 n'kotheka kuposa kupeza 120 okhala ndi K180,000.

Zotsalazo muzigawe pawiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Tsiku la gawo lachiwiri lisakhale pa 25 kapena pa 28, malipiro a anthu asanalowe. Liikeni masiku awiri kapena atatu mwezi utatha, monga Lachiwiri, 3 Febuluwale, K50,000. Lisapitirirenso pa 10, chifukwa pofika pamenepo lendi ndi ngongole za kugolosale zadya kale zonse. Gawo lomaliza, K40,000, likhale kumayambiriro kwa Malichi. Apa samalani: pa 3 Malichi ndi tchuthi chokumbukira anthu omwe anafera dziko lino, mabanki amakhala otseka, choncho ikani Lachitatu, 4 Malichi. Chimodzimodzi pa 15 Januwale, tsiku la John Chilembwe, pa 1 ndi pa 14 Meyi, ndi pa 15 Okutobala. Tsiku lomaliza kulipira likagwera pa tchuthi kapena Loweruka, mwapatsa munthu chifukwa chomveka chochedwera, ndipo simungamutsutse.

Taonani kuti gawo lomaliza ndi laling'ono kuposa onse. N'chifukwa chakuti ngongole yotsalira kumapeto kwa teremu ndi yomwe imavuta kutolera, makamaka teremu yachitatu pomwe kholo likhoza kungosamutsa mwana. Mukayamba ndi zochepa n'kumalizira zambiri, sukulu ndi yomwe yasenza chiopsezo chonse.

Uthengawo ukhoza kuoneka chonchi:

"Makolo ndi onse olera ana athu, teremu yachiwiri iyamba Lolemba, 5 Januwale 2026, nthawi ya 7:15 m'mawa, ndipo idzatha Lachisanu, 27 Malichi 2026. Sipadzakhala sukulu Lachinayi, 15 Januwale, ndi Lachiwiri, 3 Malichi. Fizi ndi K180,000 pa mwana aliyense. Mukhoza kulipira yonse pakamodzi, kapena motere: K90,000 pofika Lachisanu, 9 Januwale, K50,000 pofika Lachiwiri, 3 Febuluwale, K40,000 pofika Lachitatu, 4 Malichi. Lipirani ku akaunti ya sukulu yokha, ndipo lembani dzina la mwana ndi kalasi yake. Bweretsani umboni ku ofesi kuti mulandire risiti. Amene akuona kuti sakwanitsa abwere adzaonane nane tsikulo lisanafike."

Masiku otsegulira ndi otsekerawa muwatenge pa kalendala yeniyeni ya chaka chanu. Pansi pake muike dzina la banki, dzina la akaunti ndi nambala yake, kenako dzina lanu ndi deti lomwe mwalemba. Zina zonse, monga za tsitsi la ana, msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi kapena mafuno abwino a chaka chatsopano, zipite mu uthenga wina. Kholo limawerenga pa foni lili mu minibasi. Zikachuluka limangogwira nambala yoyamba yomwe laona.

Mawu oti "lembani dzina la mwana ndi kalasi" musawaone kuchepa. Olipira fizi nthawi zambiri si omwe ali m'kaundula wanu: ndi azakhali, achimwene, kapena ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba yemwe watumidwa. Pa sitetimenti ya kubanki mudzaona K90,000 yochokera kwa munthu yemwe simukumudziwa, pomwe mwana wolipiridwayo mwamulemba pa mndandanda wa angongole. Palibe chomwe chimakwiyitsa kholo ngati kubwezeredwa mwana litalipira. Ngati mumalandira kudzera pa foni, nenaninso kuti ndalama yotumizira ndi yotapira ili kwa yani, apo ayi mudzakhala ndi ana makumi angapo otsala ndi tingongole ta masauzande awiri atatu tomwe palibe akutivomera. Ndipo lembani momveka kuti sukulu sidzasintha akaunti kudzera pa uthenga wa pafoni. Akuba oti "tumizani pa nambala iyi" amadziwa bwino nyengo ya fizi.

Ndalama zomwe si fizi muzilekanitse. Ya mayeso a MANEB ili ndi tsiku lake lomwe bungwelo limaika, ndipo inu simungalisunthe. Makolo a Sitandade 8 alandire uthenga wawowawo wonena zimenezo, kuti wina asaganize kuti popeza afizi mumamvetsa, amayeso nawonso amvetsa.

Nanga wosalipira mutani naye? Apa maganizo anga ndi akuti musalembe chilango chomwe simudzachita. Mukanena kuti mwana sadzalowa m'kalasi pa 12 Januwale koma n'kulowa, uthenga wanu wotsatira sudzaopedwanso. Lembani zochepa zomwe mungazikwanitse: tsiku likadutsa, kholo lilandira foni, pakatha sabata, liyitanidwa ku ofesi kudzasainira ndondomeko ya kalipiridwe, likapanda kubwera, pamenepo ndiye mwana ayembekeze kunyumba. Kubweza mwana wa Sitandade 2 m'mawa, makolo atapita kale kuntchito, n'kuika mwanayo pangozi pamsewu, ndipo mlandu wake udzakhala wanu. Musatchulenso mayina a angongole pomwe makolo onse akuwerenga, kapena kuwaitana pa asembule. Ngongole ndi ya kholo, manyazi amagwera mwana, ndipo kholo lochititsidwa manyazi limalipira kamodzi n'kusamuka.

Nthawi yotumizira nayo ndi nkhani. Uthenga upite tsiku lotsekera teremu, papepala limodzi ndi lipoti la mwana, komanso pa foni tsiku lomwelo, mawu ake ofanana ndendende. Mukumbutse kutatsala sabata imodzi kuti mutsegulire, kenako masiku atatu lisanafike tsiku la gawo lililonse. Ngati fizi ikukwera, musadzidzimutse anthu mu uthenga wa masiku. Kambiranani ndi komiti ya makolo ndi kulengeza kutatsala teremu yathunthu kuti ikwere. Mukalakwitsa deti, musangotumiza kachidutswa koti "pepani, ndi pa 4 osati pa 3". Tumizaninso uthenga wonse, pamwamba mutalemba kuti uwu ukulowa m'malo mwa wa tsiku lakuti, chifukwa wakale uja ukhala ukuyendabe m'mafoni.

Kuti mudziwe ngati zagwira, tsiku lililonse la gawo likadutsa werengani ana omwe alipiridwa mokwana, kalasi ndi kalasi. Akachepa m'makalasi onse, vuto ndi deti kapena kuchuluka kwa gawolo, ndiye teremu yotsatira musunthe. Akachepa m'kalasi imodzi yokha, funsani aphunzitsi a kalasiyo ngati mapepala aja anaperekedwadi kwa ana.