Moni wa Chishona musanafike ku Harare

"Ndikubwera ku Harare mwezi wamawa kudzayamba ntchito. Ndiphunzire moni uti, poti Chingerezi ndimachidziwa?"

Achimwene, Chingerezi chikuthandizani mu ofesi, koma kwa mayi wogulitsa tomato ku Mbare kapena eni nyumba, yambani ndi Chishona. Mwayi wake, chimayenda ngati chathu.

M'mawa nenani "Mangwanani, mamuka sei?", ndiye kuti mwadzuka bwanji. Akakufunsani inuyo, yankhani "Ndamuka, kana mamukawo", kutanthauza kuti ndadzuka ngati nanunso mwadzuka. Dzuwa likapendeka ndi "Maswera sei?", yankho lake "Ndaswera, kana maswerawo".

Pamene ambiri timapunthwa ndi pa ulemu. "Ma" wakumayambiroyo ndi "mwa" wathu uja. Mukati "waswera sei" kwa munthu wamkulu, zili ngati kuuza apongozi kuti waswera bwanji. Ine ndinawatero agogo ena nditangofika kumene, anayankha mozizira, ndipo zinandiwawa nditazindikira.

China, Chishona chilibe "l". Lilime ligunde "r" momveka, osati "maswela". Pothokoza nenani "Maita basa", uku mukuwomba m'manja pang'ono.