Chibayo cha ababa: makapisozi akukwana, kapena akagone kuchipatala?

"Achimwene, ababa awapeza ndi chibayo dzulo. Angowapatsa makapisozi a amokisisilini n'kuwauza kuti azipita kunyumba, jakisoni ayi. Munthu wa zaka 67 ameneyu, zili bwino zimenezi? Nanga tidziwa bwanji kuti tibwerere nawo? Ndatumiza chithunzi cha zomwe alemba m'buku lawo."

[Uthenga wa mawu, wolembedwa monga momwe unayankhulidwira]

Eee achemwali, ndauona uthenga wanu, chithunzi chija ndachionanso. Ndingoyankhula chifukwa kulemba zitalika.

Amene anawaonayo sanalakwitse. Chibayo chimene munthu wamkulu amachitengera kunyumba, osati chimene chimamugwira ali kale m'chipatala, kawirikawiri chimayamba ndi kachilombo kotchedwa nyumokokasi, ndipo kachilomboka kamamva bwino amokisisilini. N'chifukwa chake timayambira pamenepo. Mlingo wa akuluakulu umakhala pakati pa mamiligalamu 500 ndi 1000, katatu pa tsiku, kwa masiku 5 mpaka 7. Ababa awalembera makapisozi awiri a 500 katatu pa tsiku, ndiye kuti awapatsa mlingo wapamwambawo. Katatu ameneyu amatanthauza maola pafupifupi 8 pakati pake, kudzuka, masana, ndi pokagona. Musawapatse maulendo onse atatu dzuwa lisanalowe kenako usiku wonse osamwa kanthu, chifukwa mankhwalawa sakhalitsa m'magazi.

Za jakisoni ndikudziwa, anthu ambiri amaona ngati akapanda kubayidwa ndiye kuti sanathandizidwe. Koma amokisisilini amalowa bwino m'magazi kuchokera m'mimba, ndiye kwa munthu amene akumeza komanso sakusanza, jakisoni sawonjezera kanthu. Ndikufunseni chimodzi chokha, inu ndi amene mwakhala nawo nthawi yaitali: ababa sanatulukepo zidzolo kapena kutupa nkhope atamwa penisilini, gulu la mankhwala limene amokisisilini alimo? Ngati zinachitikapo, kapena zikayamba panopa, milomo kutupa, thupi kuyabwa, mpweya kubanika, asiye pomwepo ndipo muthamange nawo. Anthu otero timawapatsa dokisisaikilini kapena eritiromaisini m'malo mwake.

Tsono nkhani yaikulu ndi yogonekayi. Tikamuona munthu wa chibayo timadzifunsa mafunso anayi, funso lililonse likayankhidwa kuti inde timawerengera chimodzi. Kodi mutu wasokonezeka mwatsopano? Kodi akupuma ka 30 kapena kuposa pa mphindi imodzi? Kodi kuthamanga kwa magazi kwatsika, nambala yapamwamba kuchepera 90 kapena yapansi kufika 60 kutsika m'munsi? Ndiye lomaliza, kodi wakwanitsa zaka 65? Wopanda chilichonse amachirira kunyumba. Wa chimodzi kapena ziwiri timamuganizira mofatsa, makamaka wa ziwiri nthawi zambiri timafuna akaonedwe kuchipatala. Wa zitatu kapena zinayi palibe zokambirana, agone lero lomwe.

Tiyeni tiwaike ababa pamenepo. M'bukumo alemba kuti kuthamanga kwa magazi 128/76, kupuma ka 22, kutentha thupi 38.6, okosijeni 95, ndipo ankayankha bwinobwino. Ndiye kuti ali ndi chimodzi chokha, cha zakacho. Alibe shuga, alibe vuto la mtima, akudya pang'ono, akumwa, ndipo pali inu wowayang'anira. Inenso ndikanawabweza kunyumba. Koma mumvetse apa achemwali: chimodzi ali nacho kale, sichichoka. Chikangowonjezekapo china, afika pa ziwiri, ndipo nambala za dzulo sizitiuza za mawa.

Mwa mafunso anayi aja, awiri mungathe kuwayeza nokha opanda chida. Kupuma muziwerenga chonchi: adikireni akhale phee kwa mphindi zingapo, asakhale kuti angochokera kuchimbudzi kapena angomaliza kutsokomola. Musawauze kuti mukuwerenga, chifukwa munthu akadziwa amasintha kapumidwe. Gwirani dzanja ngati mukumvera mtsempha, maso ali pachifuwa, foni ikuwerenga masekondi 60 athunthu. Chifuwa kukwera n'kutsika ndiye kamodzi. Munthu wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka 20. Muzichita zimenezi m'mawa, masana ndi usiku, muzilemba papepala. Ine sindidikira kuti ifike 30 ayi. Mukaona dzulo 22, lero m'mawa 25, madzulo 28, nyamukani, chifukwa zikuonetseratu kumene zikulowera. Mumvetserenso akamayankhula. Ngati akulephera kumaliza chiganizo, akuima pakati kuti akoke mpweya, chimenecho n'chizindikiro chokwanira pachokha.

Kusokonezeka mutu ndiye kumene mabanja ambiri amapusitsika nako, chifukwa amati ndi ukalamba kapena ndi tulo ta matenda. Sikuti munthu amachita kubwebweta nthawi zonse. Mwina angokuitanani dzina la munthu wina, mwina afunse funso lomwe mwawayankha kumene, mwina azingogona osafuna kudzuka ngakhale kuti amwe mankhwala. Afunseni kuti ali kuti, lero ndi lachingati, mdzukulu uyu ndi ndani. Ababa timawadziwa, sasowa yankho. Akayamba kuphonya zimenezi, ubongo sukulandira mpweya kapena magazi okwanira. Ndipo chenjerani, okalamba ena thupi silitentha n'komwe matenda atakula. Thupi likazizira koma iwo akufookerafookera, musati achira.

Kuthamanga kwa magazi ngati mulibe makina, muona chizungulire akaimirira, manja ndi mapazi kuzizira, ndi mkodzo kuchepa n'kukhala wakuda, mwina tsiku lonse osakodza. Ngati mungapeze kachida kopanira pachala koyezera okosijeni kaja, nambala ikatsika pansi pa 92 n'kukhazikika pomwepo, pitani. Chala chikhale chofunda poyeza, chozizira chimanamiza. Milomo kapena lilime likada motuwa, musataye nthawi n'kuyeza. China ndi kusanza: akasanza mankhwala kawiri motsatizana, ndiye kuti sakulandira chithandizo chilichonse, ndipo apa mpamene jakisoni uja amafunika. M'chipatala amawapatsa mankhwala a mumtsempha, benzailopenisilini kapena seftiriakisoni, kuwonjezera okosijeni ndi diripi ngati akufunika.

Zikamayenda bwino, kutentha thupi kumayamba kutsika pakadutsa maola 48 mpaka 72, kupuma kumafatsa, chilakolako cha chakudya chimabwerera. Pakali pano amwe madzi pafupipafupi, parasitamo wa kutentha thupi ndi ululu wa m'nthiti, agone chotsamira osati chagada. Akamva bwino pa tsiku lachitatu asasiye makapisozi, amalize masiku omwe alembedwa. Chifuwa chokhacho musadabwe nacho, chimatha kukakamira mpaka masabata 6, kutopa nakonso kumatha miyezi ingapo.

Koma masiku atatu akakwana palibe kusintha, musakagule mankhwala ena n'kuphatikiza. Bwererani akawaonenso. Mwina m'chifuwa mwadzaza madzi kapena mafinya kuzungulira phapo, zimene zimaoneka pa ekisire ndipo nthawi zina zimafuna kupopa. Mwina ndi kachilombo ka mtundu wina kamene sikamva amokisisilini. Mwinanso si chibayo wamba, ndi chifuwa chachikulu, makamaka ngati anayamba kutsokomola kalekale, akutuluka thukuta usiku, akuonda, kapena m'makhololo muli magazi. Mukapemphe ayeze makhololo, ndipo HIV ayezenso, zaka 67 si chifukwa chosiyira, popeza zotsatira zake zimasintha mankhwala amene tingasankhe.

Werengani kupuma kwawo panopa mundilembere nambalayo. Ndipo usiku uno wina agone m'chipinda mwawo, njira yopitira kuchipatala muikonzeretu kusanade.