Usafulumire Kusankha, Yamba Waona Mmene Choonadi Chikutulukira

"Azakhali, ndapeza mauthenga m'foni ya amuna anga osonyeza kuti akhala ndi chibwenzi chamseri kwa chaka chathunthu. Apepesa, akuti zatha. Ndikhalebe kapena ndichoke?"

Mwana wanga, ndamva, ndipo mtima wanga wawawa nawe limodzi. Usadzikakamize kupereka yankho sabata ino, chifukwa munthu amene sakugona tulo komanso sakudya bwino amasankha zinthu zimene amadzanong'oneza nazo bondo. Chofunika kuchita mwamsanga ndi chimodzi: pitani nonse awiri mukayezetse HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana, ndipo mukayezetsenso pakatha miyezi itatu, popeza kachilombo kakangolowa kumene m'thupi sikaoneka msanga poyeza. Pa nthawi yonseyi mugwiritse ntchito kondomu, kapena muyambe mwadikira. Amuna ako akakwiya ndi pempho limeneli, udziwe kuti kupepesa kwawo sikunafike pamtima.

Tsono miyezi itatu yomweyo uigwiritse ntchito poona mmene choonadi chikutulukira. Izi ndikulankhula monga munthu amene zinamuchitikira. Malemu amuna anga nditawatulukira, anavomera zokhazo zimene ndinali nazo umboni. Anati anakumana ndi mayiyo kawiri kokha. Patapita mwezi ndinapeza kuti ankamulipirira lendi, ndipo patapitanso nthawi ndinamva kuti panali mwana. Chilichonse chatsopano chinkanditsegulanso bala, moti chibwenzicho ndikanatha kuchikhululukira msanga, koma bodza lobwerezabwereza lija n'limene linanditengera zaka kuti ndiwakhulupirirenso.

Choncho ukhale nawo pansi tsiku limodzi, ana kulibe, uwafunse mafunso amene ali ndi ntchito pa moyo wako: chinayamba liti, anaonana komaliza liti, ndalama zingati zinapita kumeneko, pali mimba kapena mwana, ndipo ndani wina ankadziwa. Za kuchipinda usafunse mwatsatanetsatane, chifukwa zithunzi zake zimakakamira m'maganizo ndipo sizikuthandiza kusankha. Uwauze momveka kuti chimene angabise lero, n'kudzachitulukira wekha mawa, chidzakhala chachikulu kuposa chibwenzicho.

Ukatero, uziona zochita zawo. Munthu wolapadi amathetsa chibwenzicho iwe ukuona uthenga wake, amakuuza yekha mayiyo akamuimbiranso, ndipo satopa ukafunsa funso lomwelo kachisanu. Amene akungofuna kuti nkhani izizire amanena kuti, "Ndinapepesa kale, ukufunanso chiyani?" kapena amatembenuza mlandu kuti unalakwa kugwira foni yawo. Kuyang'ana foni kungakukhazike mtima pansi poyamba, koma sungakhale mlonda wa mwamuna moyo wako wonse.

Ngati pali kumenyedwa kapena kuopsezedwa, zodikirazi uziiwale, uchoke ndi ana n'kundiimbira nthawi yomweyo. Ngati palibe, kayezetseni kaye sabata ino, kenako undiuze zimene ayankhe pa mafunso aja.