Kuwerengera mapuloteni m'mbale: kodi munayeza zouma kapena zophika?

"Ndimanyamula zitsulo kanayi pa sabata ndipo ndimalemera makilogalamu 70. Kwina alemba kuti nyemba zolemera magalamu 100 zili ndi magalamu 21 a mapuloteni, kwina akuti 8. Ndikhulupirire ziti? Nanga mazira ndi nsomba ndiziwerengera bwanji?"

Onsewo sakunama. Nambala ya 21 ndi ya nyemba zouma, pomwe 8 kapena 9 ndi ya zophika. Nyemba zikakhala pamoto zimamwa madzi n'kufufuma, moti magalamu 100 a zouma amafika pafupifupi 250 zikapsa. Mapuloteni ake amakhala omwe aja, chawonjezereka ndi madzi basi.

Ndiye yezani chonchi. Ikani mbale yopanda kanthu pa sikelo, bwezerani sikeloyo pa 0, kenako pakulani nyemba mutatsanula msuzi. Msuziwo umalemera ndithu, koma mapuloteni mulibe okwanira kuwawerengera. Tinene kuti zakwana magalamu 200. Chulukitsani 200 ndi 8.5, n'kugawa ndi 100: mupeza magalamu 17. Mukanatenga nambala ya zouma ija mukanalemba 42, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadzinamiza, n'kumadabwa kuti minofu sikubwera chonsecho m'kope mwawo zonse zikukwana.

Munthu amene akulimbitsa thupi mwakathithi amafunika magalamu 1.4 mpaka 2.0 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Tikatenga 1.6, inuyo mukufunika magalamu 112. Mukamadya kanayi, ndiye kuti 28 ulendo uliwonse. Kuti 28 imeneyi ichokere ku nyemba zokha, mudye magalamu 330 a zophika, ndipo mimba yodzaza chotero siyabwino kupita nayo kokanyamula zitsulo.

Mazira savuta. Dzira lalikulu limodzi lili ndi magalamu 6, kaya mwaliwiritsa kapena mwalikazinga. Awiri pamwamba pa nyemba za magalamu 200 zija, mwafika 29. Koma mukamataya chachikasu chapakati, mwataya pafupifupi magalamu 3 pa dzira lililonse.

Nsomba imachita zosiyana ndi nyemba: ikapsa imataya madzi n'kupepuka. Mnofu wosaphika uli ndi magalamu 18 mpaka 20 pa 100, wowotcha umafika cha m'ma 25, ndipo nsomba youma imaposa 50. Msampha wake ndi mutu, minga ndi zam'kati. Nsomba yathunthu ya magalamu 300 imapereka mnofu wokwana theka kapena kucheperapo, ndiye werengerani 150, osati 300. Amenewo ndi magalamu 27 mpaka 30 a mapuloteni.

Ngati yapsa kale, iyezeni musanadye, mukatha yezaninso zotsala m'mbale. Mukachotsera, nambala yotsalayo ndiyo muichulukitse ndi 25 n'kugawa ndi 100. Yophika ndi msuzi muivuule kaye, idonthe, kenako ipite pa sikelo.