Ana akuvomera kuti amva, koma m'makope muli zina

"Ndangoyamba kumene kuphunzitsa Sitandade 3 kuno ku Ndirande, ana alipo 90. Piriyodi ya mphindi 35 imatha ndikadali kufotokoza pabolodi. Ndikafunsa kuti mwamva amati eee, koma ndikamachonga makope ambiri amakhala atalakwa. Nthawiyi ndiziigawa bwanji?"

Aphunzitsi, musanalembe chilichonse cha phunzirolo, yambani mwasankha funso limene mudzapereke kumapeto. Mukalidziwa funsolo, mudziwanso zoti mubwereze, zoti mufotokoze ndi zoti musiye. Tiyeni titenge phunziro la kuchotsera kobwereka, ndipo funso lathu lomaliza likhale 62 − 28.

Pa mphindi 35 zija, ziwiri zimapita ana akukhazikika ndi kutulutsa makope. Mphindi zisanu zotsatira ndi zobwereza. Apa musafunse kuti dzulo tinaphunzira chiyani, chifukwa amayankha ndi ana atatu omwe aja okhala kutsogolo. Bwerezani zokhazo zimene phunziro la lero latsamirapo. Lembani pabolodi 13 − 5 ndi 14 − 6, kenako funsani kuti mu 43 muli makumi angati, ndipo aliyense alembe yankho. Mukaona kuti theka la kalasi likukanika 13 − 5, khalani pompo kaye, popeza kubwereka sikungalowe mwa mwana amene zimenezi zikumuvuta.

Zatsopano zisapitirire mphindi khumi, ndipo chikhale chinthu chimodzi basi. Musaphatikizepo manambala okhala ndi ziro monga 60 − 28, amenewo ndi a tsiku lina. Tengani timitengo tomanga m'mitolo ya khumi khumi. Pa 43 − 15 onetsani mitolo inayi ndi timitengo titatu tosamanga. Nenani mokweza zimene mukuganiza: patatu sindingachotsepo tisanu, ndiye ndimasula mtolo umodzi, tosamanga takwana 13, mitolo yatsala itatu. Chimene dzanja lachita, choko chilembe nthawi yomweyo: dulani 4, lembani 3 pamwamba pake. Mwana aone ndi maso kuti mtolo wachokadi. Chitani zitsanzo ziwiri, ndipo chimodzi chikhalebe pabolodi mpaka nthawi ya funso lomaliza.

Ikubwera nthawi ya ana, mphindi 13, ndipo imeneyi ndi imene imadyedwa mphunzitsi akatalikitsa zolankhula. Zisanu zoyamba chitirani limodzi, inu muzingofunsa kuti tsopano titani, iwo azikuuzani. Zisanu ndi zitatu zotsalazo aliyense alembe yekha masamu anayi kapena asanu. Pakati pake ikanipo imodzi yosafuna kubwereka, monga 57 − 23, chifukwa ana ena akangophunzira kubwereka amabwereka paliponse. Musakhale pampando kudikira mzere wa makope. Ana 90 simungawachonge onse, ndipo amene ali pamzere salemba kanthu. Yendani, muyambire kumbuyo, muone makope khumi kapena khumi ndi awiri a ana osiyana nzeru. Cholakwa chimodzi mukachipeza katatu, imitsani kalasi yonse muchikonze pabolodi kwa mphindi imodzi.

Mphindi zisanu zomaliza fufutani chitsanzo chija, lembani 62 − 28. Aliyense alembe yankho ndi manambala akuluakulu kumapeto kwa kope, osakweza mpaka mutawerenga kufika katatu, kuti asaonerane. Akakweza onse pamodzi muona mayankho atatu. Amene alemba 34 akhoza. Amene alemba 44 abwereka koma aiwala kuchepetsa makumi. Amenewa angofunika kukumbutsidwa kudula 6. Amene alemba 46 sanabwereke n'komwe, angotenga 8 n'kuchotsapo 2 chifukwa anazolowera kuchotsa yaing'ono pa yaikulu. Awa ndiwo ondidetsa nkhawa, ndipo ayenera kubwerera ku timitengo, agwire okha, amasule okha mtolo.

N'chifukwa chake funso lomaliza silisankhidwa mwachisawawa. Mukanapereka 52 − 27, woiwala kuchepetsa makumi akanapeza 35, wosabwereka naye 35, inu osadziwa kuti wadwala chiyani ndani. Musanalowe m'kalasi, yesani kulakwa dala funso lanulo m'njira zonse ziwiri, muone ngati mayankho akusiyana.

Zimene mwaona m'makope okwezedwawo ndizo zikuuzeni za mawa. Ngati pa ana khumi aliwonse pafupifupi asanu ndi atatu akhoza, pitirirani, ndipo mawa pobwereza muyambe ndi samu yofanana ndi imeneyi, otsalawo muwaike kutsogolo pafupi ndi inu. Ngati okhoza sakufika theka, libwerezeni phunzirolo ndi manambala ena, ndipo mulembe choncho pamalo ounikira phunziro m'chikonzero chanu kuti a hedi kapena a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, akabwera aone chifukwa chimene mwatsalira pa sikimu.